Kutayipa kaundula wa obwera kumsonkhano: mayina, masiginecha ndi nthawi

Msonkhano uliwonse wokhala ndi alawansi kapena chakudya chamasana umakhalanso ndi pepala lozungulira. Limayambira pagome lapakhomo lili loyera, mizere yake yowongoka bwino. Pofika madzulo ladutsa m'manja mwa anthu makumi awiri kapena kuposa, lalembedwa ndi mabolopeni atatu osiyana, wina walembera pabondo, wina pamsana pa mnzake, ndipo pakona pali chidindo cha botolo la fanta. Pepala lomweli ndi limene aofesi adzaonere amene adabwera, amene adachedwa, ndi amene ayenera kulandira ndalama yoyendera. Choncho mlembi amauzidwa kuti, "Mutitayipire kaundulayu, tikumufuna mawa m'mawa."

Ambiri amaiona ngati ntchito yopepuka, yoyenera aliyense wodziwa pomwe pali zilembo pakiyibodi. Zala sizivutikadi. Chovuta n'chakuti pafupifupi pamzere wachitatu uliwonse wotayipa amakumana ndi chinthu chofuna chigamulo: kodi ichi ndi a kapena o, kodi 1:15 kapena 7:15, kodi awiriwa ndi munthu mmodzi. Akagamula mumtima n'kutayipa osasiya chizindikiro, kukayika konse kumafufutika, chifukwa zilembo za kompyuta zimaoneka zotsimikizika mofanana, zoona ndi zongoganizira zomwe. Wotayipa kaundula ali ngati mboni pabwalo la mfumu: anene zomwe waona, ndipo pomwe sadaone bwino anene kuti apa sindidaone bwino. Kuweruza ndi kwa ena.

Tiyeni titenge chitsanzo chimodzi tiyende nacho. Ndi kaundula wa maphunziro a tsiku limodzi a makomiti osamalira mijigo, masamba awiri, mizere 24. Pali gawo la nambala, la dzina, la siginecha, la nthawi yolowera ndi la nthawi yotulukira. Mayina amene muwaone pano ndi ongopeka kuti chitsanzo chimveke.

Musanakhudze kiyibodi

Choyamba, pepala lenileni lisalembedwenso kanthu. Musachongepo, musaonjezere inki pomwe yazilala, ndipo tipekisi asayandikire n'komwe. Pangani fotokope kapena jambulani ndi foni pamalo owala, foni ili molunjika pamwamba pa pepala osati chopendekera, ndipo zochonga zanu zonse zikhale pafotokopeyo. Koma pepala lenileni likhale pambali panu, chifukwa fotokope imabisa zinthu. Inki yabuluu ndi yakuda zimatuluka zofanana, ndipo pensulo yopepuka imatha kusowa. Kusiyana kwa inki kumeneku nthawi zina ndi kumene kumakuuzani kuti dzina lidalembedwa m'mawa koma siginecha idabwera madzulo ndi bolopeni ina.

Kenako werengani mizere ndi chala, umodzi umodzi. Musadalire nambala yomaliza yolembedwa m'mbali. Anthu akamadzilembera okha manambala amalumpha, 14 kenako 16, kapena awiri amalemba 11 onse. Mapepala ena amatembenuzidwa, ochedwa n'kulembera kuseri. Pa chitsanzo chathu kuwerenga kwapereka 24, kugwirizana ndi manambala, koma mzere 9 ndi wokhwatchidwa. Lembani penapake kuti mizere ndi 24, wokhwatchidwa umodzi. Nambalayi mudzaifuna pomaliza.

Tsiku nalo lionedwe tsopano. Pamwamba palembedwa Lachiwiri 04/03/25. Kuno kwathu timayamba ndi tsiku kenako mwezi, ndiye ndi pa 4 Malichi, koma fayilo ikafika kwa munthu wozolowera kalembedwe ka ku Amereka, kapena pakompyuta yotcheredwa motero, idzawerengedwa kuti 3 Epulo. Kalendala ithandiza: 4 Malichi 2025 lidali Lachiwiri, pomwe 3 Epulo lidali Lachinayi. M'fayilo lembani `2025-03-04`, chaka, mwezi, tsiku. Ndi kalembedwe ka muyezo wa ISO 8601, ndipo ubwino wake wina ndi wakuti mafayilo otchulidwa motere amandandalika okha motsata masiku.

Fayilo ya mawu okhaokha

Fayilo yomwe tikunena ndi ija yothera ndi `.txt`, yopanda mabokosi, mitundu kapena zilembo zonenepa. Pa Windows imalembedwa mu Notepad. Pa Mac mu TextEdit mutasankha `Make Plain Text`. Imatseguka pafoni iliyonse, ndi yaying'ono moti imadutsa ngakhale netiweki ili yofooka, ndipo chomwe mwalemba chimakhala chomwecho. Ichi chomalizachi ndiye chachikulu. Word amakonda kukonza zomwe simudamutume. Kachizindikiro kam'mwamba ka mu Ng'oma kapena M'bwana amakasandutsa kopindika, ndipo tsiku lina pulogalamu ina ikamafufuza dzinalo ndi kachizindikiro kowongoka imayankha kuti munthuyo mulibe. Excel naye amachotsa 0 woyamba pa nambala ya foni, 0999 n'kukhala 999, ndipo amasintha maonekedwe a masiku ndi nthawi mmene afunira.

Lamulo la mndandanda ndi limodzi: mzere umodzi wa papepala, mzere umodzi wa m'fayilo. Magawo asiyanitsidwe ndi chizindikiro chimodzi chomwecho kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ine ndimakonda kamzere koimirira `|` kuposa `,` chifukwa kachiwirika kamapezekanso m'ndemanga ndi m'mayina, ndipo pulogalamu ikadzagawa mzerewo idzadula pakati pa dzina. Koimirirako palibe amene amakalemba m'dzina lake. Kuti magawo aime molunjika, sankhani zilembo zofanana m'lifupi monga Consolas kapena Courier New, ndipo muzimitse `Word wrap` kuti mzere wautali usaoneke ngati iwiri.

Pamwamba pa fayilo pakhale mizere ingapo yonena za pepalalo ndi tanthauzo la zizindikiro zanu, kuti wodzawerenga chaka chamawa asafunike kukusakani:

```
# Maphunziro a makomiti a mijigo
# Tsiku: 2025-03-04 (papepala: Lachiwiri 04/03/25)
# Masamba 2, mizere 24
# [?] = sindikutsimikiza   -- = papepala palibe kanthu
NO | DZINA | SIGINECHA | KULOWA | KUTULUKA | NDEMANGA
```

Mayina

Dzina litayipidwe mmene mwini wake walilembera. Zikumveka zosafunika kunena, koma dzanja la wotayipa limathamangira kukonza. Mayi walemba Phili, inu mukudziwa kuti ambiri amalemba Phiri. Bambo walemba Chilwa, inu mwazolowera Chirwa. M'kamwa mwathu l ndi r zimasinthana popanda wodandaula, koma pachiphaso pamakhala chimodzi chokha. Chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017, kalembedwe ka pachiphaso ndi kamene banki ndi otumiza ndalama pafoni amayang'ana, ndipo simungadziwe kuti pachiphaso cha mayiyo pali l kapena r musanachione. Mwina iye ndiye akulondola. Tayipani Phili. Ngati aofesi ali ndi mndandanda wa oitanidwa ndipo pamenepo pali Phiri, lembani zimenezo m'gawo la ndemanga, osati m'gawo la dzina.

Vuto lina ndi la zilembo zosaoneka bwino, ndipo apa ndi pofunika kukhalitsapo. M'zolemba pamanja, a wosatseka bwino amafanana ndi u, a wopanda mchira amafanana ndi o, n ndi u zimasiyana pang'ono chabe, ndipo M ndi N zazikulu zikalembedwa mothamanga zimasokoneza. Choncho Mwale ndi Mwala, Banda ndi Bonda, Nkhoma ndi Mkhoma zimatha kuoneka chimodzimodzi, ndipo onsewa ndi mayina omveka. Pamzere 6 wa chitsanzo chathu pali dzina loyamba Luka, ndi lachiwiri lomwe chilembo chake chachiwiri chili pakati pa a ndi o.

Njira yoyamba ndi kufunsa dzanja lomwelo. Munthuyu walembanso a kumapeto kwa Luka ndi kumapeto kwa dzina lachiwirilo. Kodi a wakeyo amamupatsa mchira wotsika kumanja? Ngati ma a ake onse ali ndi mchira koma chilembo chokayikitsacho chilibe, ndiye kuti mwina ndi o. Njira yachiwiri ndi siginecha, pakuti ena amasaina polemba dzina lawo lonse momveka kuposa m'gawo la dzina. Yachitatu ndi mapepala ena: kaundula wa msonkhano wapita, kalata yoitanira anthu. Yachinayi ndi kuimbira wapampando wa komitiyo, amene amadziwa anthu ake.

Njira yosayenera ndi kunena kuti a Banda ndi ambiri m'dziko muno, ndiye ameneyunso ndi Banda. Mayina osowa amafera pamenepa, ndipo mwini dzina amadzazindikira tsiku lolandira ndalama, akumubweza chifukwa dzina la pamndandanda silikugwirizana ndi chiphaso. Zonse zikakanika, tayipani zomwe mukuona kuti n'zotheka kwambiri, muike chizindikiro: `Luka Banda [?]`, ndipo m'ndemanga `kapena Bonda`. Ngati chilembo sichikuwerengeka n'komwe, `Luka B[?]nda`. Chizindikirocho chikhale chimodzimodzi paliponse, kuti pomaliza mukadina `Ctrl+F` muzipeze zonse n'kuzifunsa pa foni imodzi.

Aofesi ambiri amafuna dzina la bambo patsogolo kuti mndandanda uyende mwa alifabeti. Ndi Estere Phiri palibe vuto. Nanga Saidi Juma, kapena Yohane Petulo? M'madera ambiri dzina loyamba la bambo ndilo limakhala dzina lachiwiri la mwana, ndipo ena polemba amayamba ndi la bambo monga adazolowera kusukulu. Mukawatembenuza mongoganiza, theka la iwo mwawatembenuza molakwika. Asiyeni mmene alili. Ngati alifabeti ikufunikadi, onjezerani gawo lina la dzina la bambo mutafunsa, gawo loyambalo likhale losakhudzidwa. Chimodzimodzi ndi mayi wolemba Nabanda yekha, kapena mfumu yolemba dzina la ufumu m'malo mwa dzina lake lobadwa nalo. Tayipani zomwe zalembedwa, kufotokoza kupite m'ndemanga.

Pali kanthu kena kakang'ono kokhudza chilembo ŵ, chomwe ena amalembabe m'mayina monga Mbeŵe. Ngati mwini wake waika kadenga, kaikeni, koma posunga fayilo onetsetsani kuti pa `Encoding` pali `UTF-8`. Notepad wa kuyambira 2019 amasankha yekha zimenezi. Wakale amasankha `ANSI`, momwe chilembochi mulibe. Mukadzatsegula fayilo n'kupeza `MbeÅµe`, musatayipenso: fayiloyo ili bwino, yangotsegulidwa ndi pulogalamu yomwe sikuiwerenga ngati `UTF-8`.

Siginecha sikopedwa

Gawo ili ndi lomwe limasokoneza oyamba kumene. Ena amatayipanso dzina la munthuyo m'gawo la siginecha, ena amayesa kuwerenga zokhotakhotazo n'kulemba zilembo zomwe akuganiza kuti aziona. Zonse ziwiri n'zolakwika. Siginecha ndi umboni wa dzanja la munthu, ndipo umboniwo umakhala papepala pokha. Chomwe fayilo ingathe ndi kunena chomwe chili m'bokosimo, ndi mawu ochepa osasinthasintha. Anayi amakwana: `INDE` pomwe pasainidwa, `CHALA` pomwe padindidwa chala, `WINA` pomwe papepala palembedwa poyera kuti wina wasainira mnzake, ndi `AYI` pomwe bokosi lili lopanda kanthu. Wina akalemba mtanda wa X, muutchule m'ndemanga.

Kusiyanitsa `CHALA` ndi `INDE` kuli ndi phindu lake. Wodinda chala kawirikawiri dzina lake lidalembedwa ndi munthu wina, mwina mlembi wapakhomo amene adangolimva m'khutu. Kalembedwe ka dzina lotero n'koyenera kukatsimikizira ndi chiphaso kuposa ka amene adadzilembera yekha.

Masiginecha ena ndi aakulu, amatambalala mizere iwiri. Pamzere 12 ndi 13 wa pepala lathu pali chotere: mchira wa siginecha ya pa 12 watsikira m'bokosi la 13, ndipo ukangoyang'ana mwachangu onse awiri aoneka ngati asaina. Ikani rula pansi pa mzere, mutsatire inkiyo kuchokera pomwe idayambira. Ikapezeka kuti ndi mkokomo umodzi wa bolopeni wosadukiza, ndiye kuti 13 ndi `AYI`. Pamsonkhano wa alawansi, bokosi limodzi lotere ndi ndalama ya munthu, kapena funso la ofufuza za chuma miyezi isanu ndi umodzi kutsogolo.

Nanga mukaona kuti mizere 17, 18 ndi 19 yasainidwa ndi dzanja looneka limodzi, bolopeni imodzi, kupendekeka kumodzi? Zimachitika, ndipo zifukwa zake si zoipa nthawi zonse. Mwina mmodzi adalembera anzake a mudzi umodzi amene adaiwala magalasi. Mwinanso ndi mayina a anthu amene sadabwere. Wotayipa si katswiri wa zolemba pamanja ndipo sadali pakhomo. Lembani `INDE`, chifukwa m'bokosi muli siginecha, kenako m'ndemanga `dzanja likufanana ndi 17`. Mawu akuti chinyengo asalowe m'fayilo. Koma kungokhala chete nakonso si bwino, pakuti mndandanda wotayipa ukachoka m'manja mwanu palibe adzaonenso kufanana kumeneko.

Nthawi

Papepala nthawi imalembedwa m'njira zambiri: 8:05, 8.05, 0805, 8 koloko, 8am. M'fayilo ikhale njira imodzi, manambala anayi a maola 24: `08:05`, `13:15`. Uku si kusintha zomwe munthu adalemba, ndi kuzivala yunifolomu basi, ndipo chifukwa chake n'chooneka. Kompyuta ikamandandalika mawu imayang'ana chilembo choyamba, ndiye `10:15` imabwera patsogolo pa `8:05` chifukwa 1 ndi wochepa kuposa 8. Mukaika 0 patsogolo vutolo latha. Abale athu a ku Zambia, amene ngakhale pocheza amatchula nthawi mwa maola 24, savutika ndi zimenezi; ife timalemba 3:30 tikudziwa tokha kuti ndi masana. Pamaphunziro a masana palibe angaganize kuti munthu adatuluka 3:30 usiku, koma m'buku la alonda kapena la anamwino ogwira usiku, 7:00 yopanda china chilichonse imafuna kufunsa.

Wolemba 8 koloko sadanene mphindi. Tayipani `08:00`, koma ndemanga inene kuti papepala pali 8 koloko, chifukwa munthu wotero akhoza kuti adafika 8:10. Timizere tiwiri tija totanthauza kuti chimodzimodzi ndi pamwambapa musatikope. Lembani nthawi yeniyeniyo, pakuti mizere ikadzasanjidwa mwa alifabeti pamwamba pake padzakhala munthu wina. Pomwe palibe nthawi ikani `--`. Musasiye mpata wopanda kanthu, chifukwa wowerenga sangadziwe ngati ndi mwini dzina amene sadalembe kapena ndinu mudalumpha.

Manambala osokonezana ndi odziwika: 1 ndi 7, 4 ndi 9, 0 ndi 6, 3 ndi 8, ndiponso 1 ndi 4 ngati 4 walembedwa wotseguka pamwamba. Mwayi wake, kaundula amadzazidwa motsatana, ndiye mizere yoyandikana imachitira umboni. Nthawi ya Luka pamzere 6 ikuoneka ngati 8:15 kapena 8:45. Wapamwamba pake adalowa 8:05, wapansi pake 8:20. Ndiye 8:15 ndiyo ikukwana. Mzere 21 ukuoneka ngati 7:15 kapena 1:15. Mzere 20 udalembedwa 11:50, ndipo munthu woyamba pa tsikulo adafika 7:40. Ndi 1:15 masana, `13:15`.

Umboni wa mizere yoyandikanawu uli ndi malire. Wochedwa amatha kupeza mzere wosiyidwa pakati n'kudzilowetsapo. Mapepala awiri akamazungulira nthawi imodzi, tsamba lachiwiri siliyambira pomwe loyamba lathera. Ndiye mukagamula motere, siyani mawu m'ndemanga kuti wina athe kukutsutsani. Ndipo nthawi ikakhala yowerengeka bwino koma yokayikitsa, monga m'mabuku ena a m'maofesi momwe aliyense amakhala kuti adafika 7:30 ndendende ngakhale amene adalowa dzuwa litakwera, tayipani 07:30. Pepala likutero.

Mizere yovuta ija ikatha, chigawo cha fayilo chimaoneka motere:

```
04 | Estere Phili   | INDE  | 08:05 | 12:10 | onani 21
05 | J. Ng'oma      | CHALA | 08:05 | 15:30 |
06 | Luka Banda [?] | INDE  | 08:15 | 15:30 | kapena Bonda; kapena 08:45
09 | Saidi Ju       | --    | --    | --    | WOKHWATCHIDWA, onani 10
10 | Saidi Juma     | INDE  | 08:30 | 15:30 |
13 | Rute Mwale     | AYI   | 08:40 | --    |
21 | E. Phili       | INDE  | 13:15 | 15:30 | kapena 07:15; onani 04
```

Mzere 9 sudatayidwe ngakhale udakhwatchidwa. Ukachotsedwa, manambala a m'fayilo amasiya kugwirizana ndi a papepala, ndipo wofuna kutsimikizira mzere 15 amakayang'ana munthu wolakwika. Nambala ya papepala ndiyo chingwe chokhacho chomangirira fayilo ku pepala, ndiye isasinthidwe ngakhale mndandanda utasanjidwa mwa njira ina. Ngati tsamba lililonse limayambiranso pa 1, lembani tsamba ndi mzere pamodzi, `2-07`.

Mizere 4 ndi 21 ndiyo yofunika kuisamala kwambiri. Estere Phili adatuluka 12:10, ndipo E. Phili adalowa 13:15. N'kutheka kuti ndi mayi mmodzi amene adapita kukayamwitsa mwana n'kusainanso pobwerera. N'kuthekanso kuti ndi Eliza kapena Enelesi, wa mjigo wina, amene adachedwa. Masiginecha akufanana, koma a Phiri awiri olemba P wamkulu ndi mzere wokhota si chinthu chachilendo. Mukaphatikiza mizereyi mwina mwamana munthu ndalama yake. Mukangoisiya osanena kanthu mwina wina alandira kawiri. Isiyeni yonse iwiri, uliwonse uloze unzake, ndipo amene adayendetsa maphunzirowo ayankhe.

Kutsimikizira

Kuwerenganso wekha zomwe watayipa sikugwira zolakwa zambiri, chifukwa maso amaona zomwe mutu ukuyembekezera. Yambani ndi masamu, omwe sanyengeka. Ikani kalozera pamzere womaliza muone nambala ya `Ln` pansi pa Notepad. Fayilo yathu ili ndi mizere 5 yapamwamba ndi 24 ya anthu, ndiye payenera kuoneka 29. Pakaoneka 28 mwalumpha munthu, ndipo kawirikawiri kulumphako kumachitika pomwe mayina awiri ofanana atsatana, kapena potembenuza tsamba. Kenako werengani gawo la siginecha kawiri, koyamba papepala, kachiwiri m'fayilo: `INDE` 18, `CHALA` 3, `WINA` 1, `AYI` 1, wokhwatchidwa 1. Zonse pamodzi 24. Pomaliza yendetsani diso pa magawo awiri a nthawi: wotuluka asanalowe, kapena nthawi ngati `08:75`, ndi chizindikiro chakuti chala chidaterereka kapena nambala idawerengedwa molakwika.

Masamu sangagwire Mwala wotayipidwa kuti Mwale. Pamenepa pamafunika anthu awiri, wina agwire pepala, wina ayang'ane pakompyuta. Wowerenga mokweza akhale wa pakompyuta, ndipo mayina azitchula chilembo chimodzi chimodzi pomwe pali l, r, h kapena kachizindikiro kam'mwamba, pakuti Phiri ndi Phili m'khutu ndi dzina limodzi. Mukakhala nokha, yambirani pansi kukwera m'mwamba, rula itaphimba mizere ina. Kaundula wa anthu 24 kutsimikizira kwake kumatha kutenga nthawi yofanana ndi kutayipa, ndipo mlembi aziwerengeratu zimenezi polonjeza bwana nthawi yobweretsera.

Pansi pa fayilo lembani chidule cha zomwe mwapeza, m'mawu osapita m'mbali:

```
# Mizere 24: wokhwatchidwa 1, otsala 23
# Anthu: 23, kapena 22 ngati 04 ndi 21 ali munthu mmodzi
# Zofunsa: 06 (dzina), 13 (sadasaine), 17-19, 04/21
```

Bwana wofuna nambala imodzi sakondwa ndi 23 kapena 22, koma ndi foni imodzi yokha kwa wapampando kuti ikhale nambala imodzi. Yankho likabwera, konzani mzerewo, chotsani `[?]`, ndipo m'ndemanga mulembe udindo wa amene watsimikiza ndi tsiku lake. Fayilo itchuleni `2025-03-04_mijigo_kaundula.txt`. Wofuna kuilowetsa mu Excel asaitsegule pongoidina kawiri. Adzere ku `Data`, `From Text/CSV`, asankhe `|` ngati chogawira, ndipo magawo onse awatenge ngati `Text` kuti ma 0 oyamba asathawe.

Chotsala ndi kusamala komwe zinthuzi zikupita. Mayina, masiginecha ndi nthawi zomwe anthu adali pamalo ndi zinthu zawo, ndipo kuyambira 2024 dziko la Malawi lili ndi lamulo lapadera loteteza zokhudza anthu zoterezi. Chithunzi cha tsamba lodzaza masiginecha chisaponyedwe pagulu la WhatsApp kuti anthu athandize kuwerenga dzina lovuta. Dulani kachigawo ka dzina lokhalo, mutumizire munthu mmodzi amene angalidziwe. Mukatayipitsa kumalo otayipira a m'tauni, fayilo isatsale pakompyuta yawo, ndipo fotokope yochongedwa ija muitenge. Pepala lenileni libwerere m'fayilo ya muofesi, litamangidwa pamodzi ndi mndandanda wosindikizidwa, chifukwa ofufuza za chuma akabwera adzafuna kuona siginecha yeniyeni ya pamzere 21, ndipo mawu akuti `INDE` sangawakwanire.